Kusukulu Grace, Kumudzi Tiyamike: Nanga pa Pasipoti Tilembe Ndani?

Malume atamwalira, anzake a kuntchito a msuweni wanga anabwera kumudzi kudzapepesa maliro. Anazungulira ndi galimoto pafupifupi ola lathunthu akufunsa kuti kwa a Grace John ndi kuti. Ana a pamsewu anangoyang'anizana. Bambo wokonza njinga pansi pa mtengo wa mango anati m'mudzi muno mulibe banja la a John. Anawapulumutsa ndi mayi wina wachikulire amene ankachokera ku mjigo ndi ndowa pamutu. Atamva kuti amene akumufunayo ndi namwino wa ku tauni ndipo bambo ake atisiya dzulo, anatula ndowa ija n'kunena kuti, "Si Tiyamike wa kwa aNg'oma ameneyo? Bwanji osangonena?"

Maina amenewa ndawasintha, koma nkhaniyo ndi momwemo. Tsiku limenelo tinaseka, ngakhale panali pamaliro. Patapita zaka zochepa, msuweni wanga yemweyo atapeza mwayi wa ntchito ku Mangalande, kusekako kunatha. Satifiketi yake ya fomu 4 ndi ya unamwino zinali m'dzina la Grace John, pomwe chiphaso chake cha unzika chinali m'dzina la Tiyamike Ng'oma. Pa maina anayiwo panalibe ngakhale limodzi lopezeka mbali zonse ziwiri. Kwa ife tinkadziwa kuti ndi munthu mmodzi, koma kwa mlendo amene wangoona mapepala anali akazi awiri osadziwana.

Anthu ambiri amati maina awiriwa anabwera ndi azungu. Zoona zake n'zakuti azungu anatipeza tili kale ndi maina angapo. Mwana ankapatsidwa dzina potuluka m'chikuta, mchombo utagwa, ndipo kawirikawiri womutcha sanali mayi ake kapena bambo ake, koma agogo, azakhali kapena munthu wina amene banja lamupatsa ulemu umenewo. Dzinalo linkanena za nthawi imene mwanayo wabadwira. Mavuto, Maliro, Nditani ndi Tilimbike ndi maina a m'nyumba imene mwadutsa zowawa, pomwe Tiyamike ndi Chimwemwe ndi a m'nyumba imene mwafika mpumulo. Mwanayo akakula n'kulowa chinamwali kapena jando, m'madera ambiri ankatulukako ndi dzina lina, ndipo kumuitana ndi dzina la paubwana kunali kumunyoza. Akabereka, ankasanduka make Chikondi kapena bambo a Chikondi. Akakalamba, anthu ankangomulemekeza ndi mfunda wake: aPhiri, aBanda, aNaphiri, aNangozo. Choncho dzina linali ngati chovala, munthu akakula ankavula china n'kuvala china, ndipo palibe ankadabwa.

Amishoni atafika, dzina la ubatizo linalowa m'chizolowezi chimenechi mosavuta. Mishoni ya Livingstonia inayamba mu 1875, ya Blantyre mu 1876, ya Adatchi ku Mvera mu 1889, ndipo Akatolika anakhazikika ku Nzama mu 1901 ndi ku Mua mu 1902. Munthu woyamba kubatizidwa ndi mishoni ya Livingstonia, mu 1881, anali Albert Namalambe, ndipo John Chilembwe anabatizidwa mu 1893 ali ndi Joseph Booth. Kwa anthu a nthawiyo ubatizo unali chinamwali china: munthu ankalowa kalasi, n'kulangizidwa kwa miyezi kapena zaka, n'kutuluka ali munthu watsopano. Kutuluka ndi dzina latsopano kunali koyembekezereka. Pajatu m'Baibulo momwemo ankawerenga za Abramu kusanduka Abrahamu ndi Simoni kutchedwa Petulo.

Komabe sizinali zosankha zokhazokha. Mu Mpingo wa Katolika, malamulo a 1917 ankauza wansembe kuti aonetsetse kuti wobatizidwa walandira dzina lachikhristu, ndipo makolo akaumirira lawo, awonjezere dzina la woyera mtima n'kulemba onse awiri m'buku la ubatizo. Ndiye gwero la maina ngati Anastazia, Sitefano, Scholastica ndi Benedicto, amene ambiri timangowaika m'gulu la maina a Chingerezi chikhalirecho ndi a Chigiriki ndi Chilatini. Malamulo atsopano a 1983 anafewetsa zinthu. Gawo 855 limangoti mwana asapatsidwe dzina losemphana ndi chikhristu, ndipo n'chifukwa chake lero mwana amabatizidwa Madalitso kapena Tadala popanda wofunsa. Kwa abale athu Achisilamu nkhani ndi yofananako: Issa, Amina kapena Yusufu amayenda limodzi ndi dzina la Chiyao la pakhomo. Ndipo mukawoloka malire kulowa ku Angonia kapena ku Tete, dzina lachiwirilo limakhala la Chipwitikizi.

Sukulu ndi ntchito zinamalizitsa zimene tchalitchi chinayamba. Mphunzitsi ankafuna dzina loti alembe m'kaundula. Mzungu wa ku esiteti kapena kapitawo wa ku migodi ya ku Joni ankafuna dzina loti lilime lake lilikwanitse. Nelson Mandela anapita kusukulu tsiku loyamba ali Rolihlahla ndipo anabwerako ali Nelson, dzina lomupatsa aphunzitsi. Kuno kwathu, mtsogoleri woyamba wa dziko lino anayenda moyo wake wonse ndi maina onse awiri, Hastings ndi Kamuzu, koma amayi povina ankaimba la kumudzi lokha.

Pali chifukwa china chimene sichinenedwa kawirikawiri, ndipo ine ndimaona kuti ndicho chinalimbitsa maina achizunguwa kuposa malamulo a mpingo. Dzina la m'chikuta ndi la m'nyumba. Munthu wamkulu sumuitana nalo pagulu, ndipo mpongozi sangalitchule n'komwe. Koma kaundula wa kusukulu, wa kuchipatala ndi wa malipiro amaitanidwa mokweza, pamaso pa ana ndi akulu omwe. Dzina lachizungu linakhala ngati jekete lopitira ku boma, loti aliyense angaligwire popanda kukuvula ulemu. Agogo anga aamuna ankayankha msangamsanga kalaliki akaitana Wilson, koma dzina lawo la paubwana ndinalimva kamodzi kokha, kuchokera kwa mlongo wawo, iwo atamwalira kale.

Nthawi ya ufulu wodzilamulira itafika, ena anavula jeketelo. Wolemba mabuku wa ku Kenya James Ngugi anasanduka Ngugi wa Thiong'o. Ku Zaire, Mobutu analetsa maina achikhristu mu 1972, iye mwini n'kutaya lake la Joseph-Désiré. Bingu wa Mutharika anabadwa mu 1934 ali Brightson Webster Ryson Thom. Ena sanataye kalikonse, anangomasulira: Mphatso wa pakhomo ndi Gift kusukulu, Chifundo ndi Mercy, Madalitso ndi Blessings. Kwa ife ndi dzina limodzi m'zilankhulo ziwiri. Kwa wogwira ntchito pa bwalo la ndege ku Dubai, Gift ndi Mphatso sakhudzana ngakhale pang'ono.

Tibwerere kwa msuweni wanga, chifukwa maina ake anayi aja sanabwere tsiku limodzi. Azakhali ake, omwe ndi mayi anga, anamutcha Tiyamike. Ali ndi miyezi itatu anabatizidwa Grace, ndipo pa khadi la ubatizo analemba kuti ndi mwana wa John Ng'oma. Tsiku loyamba sitandade 1 anapita ndi mchemwali wake wamkulu. Aphunzitsi anafunsa kuti, "Dzina lako ndani?" Mchemwaliyo anayankha kuti Grace. "Bambo ako ndani?" Anati a John. Aphunzitsi analemba Grace John, ndipo dzina limenelo linayenda kuchoka m'kaundula wa sitandade 1 kupita pa mayeso a sitandade 8, a fomu 2, a fomu 4, mpaka ku sukulu ya unamwino. Palibe analakwa mwadala. Anthu zikwizikwi m'dziko muno ali ndi dzina loyamba la bambo awo ngati dzina la banja chifukwa cha funso limodzi lomweli. Ena ali ndi dzina la malume amene ankawalipirira fizi, ndipo ena, tisabisane, ali ndi dzina limene anatenga pobwereza sitandade 8 kuti aoneke ngati akulemba koyamba.

Kenaka kunabwera kalembera wa unzika wa 2017, pomwe bungwe la NRB linalemba anthu opitirira 9 miliyoni a zaka 16 kupita m'tsogolo. Nthawi imeneyo msuweni wanga anali patchuthi kumudzi, bambo ake atangomwalira kumene. Anaima pamzere ndi abale ake, mfumu ili pompo kuchitira umboni anthu ake, ndipo atafunsidwa dzina anatchula limene mfumu ndi mudzi wonse unkalidziwa. Anandiuza pambuyo pake kuti ankafunanso kuti dzina la Ng'oma lisafe ndi bambo ake. Mtima unali wabwino, koma satifiketi zake zinali m'sutikesi ku tauni, ndipo sanaziganizire n'komwe.

Apa ndi pamene ambiri timasokonezekera. Timaganiza kuti pa tsiku lopangitsa pasipoti ndi pamene munthu amasankha dzina, ngati mmene amasankhira nsalu pamsika. Si choncho. Pasipoti sisankha, imakopera. Munthu wamkulu akamapempha pasipoti ku nthambi yoona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko, amafunsidwa chiphaso cha unzika, ndipo dzina la pa chiphasocho ndi limene limayembekezeka pa fomu. Ngati mukufuna kuti pasipoti inene zosiyana ndi chiphaso, mwafika pa khomo lolakwika. Kumene muyenera kuyambira ndi ku ofesi ya kalembera wa unzika, kwa DC wa boma lanu. Ndiye funso lenileni si lakuti pa pasipoti ndilembe liti, koma lakuti chiphaso changa chili ndi dzina limene ndikufuna kuyenda nalo zaka khumi zikubwerazi kapena ayi, pakuti pasipoti ya munthu wamkulu imakhala zaka khumi.

Poyankha funso limeneli, musayambe ndi kufunsa mtima kuti dzina lanu lenileni ndi liti. Yalani mapepala anu onse pamphasa: kalata ya kubadwa ngati ilipo, khadi la ubatizo, satifiketi za MANEB, za ku koleji, laisensi, buku la ku banki, kalata ya ukwati, mapepala a penshoni ndi a malo. Kenaka dzifunseni kuti mwa mapepala onsewa, ovuta kwambiri kusintha ndi ati. Dzina la ku banki limasinthika mukapita ndi chiphaso chatsopano. La pa nambala ya foni chimodzimodzi. Koma satifiketi ya mayeso imene inasindikizidwa zaka 15 zapitazo kuisintha si kwapafupi, ndipo ndi yomweyo imene sukulu kapena bwana wa kunja adzaiike pambali pa pasipoti yanu. Nzeru ndi yakuti zosavuta kusuntha zitsatire zovuta kusuntha. Kwa munthu amene anapita patali ndi sukulu, izi zikutanthauza kuti dzina la pa satifiketi, kaya ndi lachizungu kaya lachikuda, liyenera kupezeka pa pasipoti, ndipo ndi bwino likhale loyamba. Kwa mayi wa geni amene amapita ku Joni kapena ku Dar es Salaam kukapikula katundu, amene satifiketi palibe adzamufunse, chofunika n'chakuti pasipoti, chiphaso ndi akaunti ya ku banki zinene chimodzi.

Ndipo nthawi zambiri palibe chifukwa chotayira dzina lina. Pa tsamba la chithunzi la pasipoti pali malo awiri, amene pa Chingerezi alembedwa kuti Surname ndi Given names. Oyambawo ndi a dzina la banja. Achiwiriwo amalola maina angapo, moti la ubatizo ndi la m'chikuta angakhale moyandikana bwinobwino. Chimene chimavutitsa si kukhala ndi maina awiri ayi, koma kuwasinthanitsa malo: pano Grace Tiyamike, apo Tiyamike Grace, kwina Grace T., kwinanso Tiya. Sankhani ndondomeko imodzi ndi kalembedwe kamodzi, basi.

Msuweni wanga anayamba waganiza zodutsa njira yachidule. Ankafuna kutenga pasipoti m'dzina la pa chiphaso, Tiyamike Ng'oma, n'kuwonjezera kalata yolumbira yonena kuti Tiyamike Ng'oma ndi Grace John ndi munthu mmodzi. Kalata yotereyi imalembedwa ndi kusainidwa pamaso pa loya kapena majisitireti, ndipo imathandizadi pamene kusiyana kuli kochepa, monga pamene dzina lapakati lasowa pa pepala limodzi. Koma loya amene anamuona anamuuza mosabisa. "Mayi, kalata yolumbira ndi mlatho, koma mlatho umafuna kuti mitsinje ikhale ndi magombe oyang'anizana. Apa palibe dzina ngakhale limodzi logwirizana. Amene adzawerenge kunjako adzaganiza kuti mwabwereka satifiketi za mnzanu." Anawonjezera kuti kalata yolumbira sisintha dzina la munthu, imangofotokoza.

Pamenepa mpofunika kusiyanitsa kukonza ndi kusintha. Ngati pa chiphaso analemba Frola m'malo mwa Flora, kapena anadumpha chilembo, kumeneko ndi kukonza, ndipo umboni wa pepala lakale lolembedwa bwino umakwanira nthawi zambiri. Koma kuwonjezera dzina limene silinalipo, kuchotsa lina, kapena kutenga dzina la banja latsopano, kumeneko ndi kusintha. Dziko lino lili ndi lamulo loletsa kusintha dzina mwachisawawa, ndipo n'chifukwa chake m'manyuzipepala mumaona timabokosi tolengeza kuti uje wapempha boma kuti asinthe dzina kuchoka pa lakuti kupita pa lakuti, ndipo amene ali ndi chifukwa chotsutsira alembe kalata. Njira imeneyi imadya ndalama ndi nthawi. Si ya sabata imodzi.

Loya uja anamulangiza kuti asataye dzina lililonse mwa anayiwo, koma awasanje motere: maina ake akhale Grace Tiyamike John, dzina la banja likhale Ng'oma. Mwanjira imeneyi, aliyense wogwira satifiketi ya Grace John adzapeza maina onse awiri pa pasipoti, ndipo wogwira chiphaso chakale cha Tiyamike Ng'oma adzawapezanso. Umboni wake waukulu unali khadi la ubatizo lija, lachikasu ndi ukalamba, limene mayi ake ankalisunga m'kati mwa buku la nyimbo. Linali pepala lokhalo padziko lonse pamene Grace, John ndi Ng'oma analembedwa pamodzi. Anawonjezera kalata ya mfumu yochitira umboni dzina la Tiyamike, kalata yolumbira ndi chilengezo cha m'nyuzipepala. Atamaliza zimenezo anasinthitsa chiphaso, ndipo chiphaso chitatuluka ndi pamene anakapempha pasipoti. Zonsezi zinatenga miyezi yopitirira isanu, ndipo gulu loyamba la anamwino limene anayenera kupita nalo linamusiya.

Pasipotiyo itatuluka anandiimbira foni ali ndi nkhawa. "Asuweni, alakwitsanso. Pansi apa alemba NGOMA, kachizindikiro kaja palibe." Sanalakwitse. M'munsi mwa tsamba la chithunzi muli mizere iwiri yodzaza ndi zilembo ndi timivi, yowerengedwa ndi makina. Kalembedwe kake kanakhazikitsidwa ndi bungwe loona za maulendo a pandege padziko lonse la ICAO, ndipo n'kamodzi m'maiko onse. Mzere uliwonse uli ndi malo 44. Mzere woyamba wa munthu wa maina ngati akewa umaoneka chonchi:

```
P<MWINGOMA<<GRACE<TIYAMIKE<JOHN<<<<<<<<<<<<<
```

Malo asanu oyambirira amanena mtundu wa chiphaso ndi dziko, ndipo MWI ndi Malawi, monga ZMB ili Zambia ndi MOZ Mozambiki. Malo 39 otsalawo ndi a dzina: loyamba la banja, kenaka timivi tiwiri, kenaka maina enawo olekanitsidwa ndi kamuvi kamodzi. M'mizere imeneyi mumalowa zilembo zazikuluzikulu kuyambira A mpaka Z, manambala ndi kamuviko basi. Kachizindikiro ka m'mwamba ka mu Ng'oma, Ng'ambi kapena M'bwana kamagwa, ndipo ŵ wa kadenga amasanduka W wamba. Choncho pogula tikiti ya ndege, makina akakana kachizindikiroko, musaike mpata kapena kamzere m'malo mwake. Lembani monga zilili m'mzere wa m'munsiwo.

Malo 39 amaoneka ambiri mpaka mutayamba kuwerenga. Tiyerekeze mwana wotchedwa Scholastica Chimwemwe Tiyanjane, wa dzina la banja la zilembo khumi. Dzina la banja ndi timivi tiwiri ndi malo 12, Scholastica ndi 11, Chimwemwe ndi Tiyanjane ndi 9 lililonse, kuphatikiza timivi tiwiri tolekanitsa, zonse pamodzi 43. Zapitirira ndi malo anayi, ndipo dzina lidzadulidwa m'mzere wa makinawo. Kudulako n'kololedwa ndipo pasipoti imagwirabe ntchito, koma kumabweretsa mafunso pa kauntala pamene tikiti ikunena zina, makina akuwerenga zina. Makolo amene akufuna kusangalatsa agogo a mbali zonse ziwiri ndi a mpingo omwe, awerengeko zilembo asanadzaze fomu.

Kalembedwe nako kamapha anthu ambiri kuposa nkhani ya dzina lachizungu ndi lachikuda. M'Chichewa l ndi r sizisiyanitsa tanthauzo la mawu, ndiye timazisinthanitsa osazindikira: Gloria ndi Grolia, Chilwa ndi Chirwa. Mavuto wa ku Malawi ndi Mabvuto m'kalembedwe kakale ndi ku Zambia. Esnart, Esnath ndi Esinati ndi mayi mmodzi. Khutu la Mmalawi silimva kusiyana, koma kompyuta simva ndi khutu. Wotumiza ndalama kuchokera ku Joni akalemba Stella pomwe chiphaso chikuti Stellah, wolandirayo akhoza kubwerera chimanjamanja kuchokera pa kauntala, atalipira kale kabaza. N'chifukwa chake pamene kalaliki wakupatsani pepala kapena wakutembenuzirani kompyuta kuti muone ngati zonse zili bwino, musachite manyazi ndi mzere wa anthu umene uli kumbuyo kwanu. Werengani chilembo chimodzichimodzi, ndi tsiku lobadwa lomwe, musanasaine.

Pasipoti ikangotuluka, imasanduka mfumu ya mapepala ena onse a ulendo. Tikiti, viza, mayeso a Chingerezi, kalata ya kupolisi yosonyeza kuti mulibe mlandu, zotsatira za kuchipatala zoyeza chifuwa chachikulu zimene dziko la Britain limafuna kwa Amalawi okakhalako miyezi yopitirira isanu ndi umodzi, zonsezi zilembedwe m'dzina la pa pasipoti, ndondomeko yake yomweyo. Msuweni wanga anachita mwayi kuti anali asanalembe mayeso a Chingerezi. Mnzake wina anawalembetsa ndi dzina lakale pasipoti isanatuluke, ndipo anavutika kufotokoza. Komanso pa fomu ya viza pamakhala funso lakuti kodi munadziwikapo ndi dzina lina. Anthu ena amayankha kuti ayi poopa kuchulutsa nkhani. Kumeneko ndi kudzikumbira dzenje, chifukwa satifiketi zimene mwatumiza limodzi ndi fomuyo zikunena kale kuti inde, ndipo kubisa kumawerengedwa ngati bodza. Lembani maina onse amene anakhalapo pa pepala la boma kapena la sukulu. Dzina losereulana la pabwalo la mpira, kapena la ku dambwe, limenelo sakulifunsa.

Amayi okwatiwa ali ndi mfundo yawoyawo. Kutchedwa Mayi Phiri kutchalitchi ndi kuntchito sikutanthauza kuti pasipoti iyenera kunena Phiri. Mayi angathe kusunga dzina la kwawo pa mapepala onse, ndipo kwa amene satifiketi zake zili m'dzina limenelo, imeneyo ndi njira yopanda minga. Amene akufuna dzina la bambo a kunyumba akhale ndi kalata ya ukwati, chifukwa ndiyo imalumikiza dzina lakale ndi latsopano, ndipo mawu a ankhoswe okha sakwera ndege. Aganizirenso kuti banja likadzatha, dzinalo lidzatsala pa pasipoti mpaka atayendanso njira yonse ija. Ndipo mayi amene dzina lake la banja likusiyana ndi la mwana wake, poyenda naye atenge kalata ya kubadwa ya mwanayo, pamene maina a makolo onse awiri alembedwa.

Ena amafunsa ngati dzina lachizungu limathandiza kupeza viza kapena kudutsa msanga pa chipata. Ine sindikuona chifukwa chokhulupirira zimenezo. Wa pa chipata amayang'ana ngati nkhope ikugwirizana ndi chithunzi, ngati viza ikugwirizana ndi pasipoti, ndi dziko limene pasipotiyo yachokera, lomwe lalembedwa pachikuto ndi zilembo zazikulu kaya mwini wake ndi Grace kaya Tiyamike. Ngati azungu a kuntchito akulephera kutchula dzina lanu, mungawapatse lina loti azikuitanirani, ndipo zimenezo sizifuna loya. Chimodzimodzinso mbali inayi: amene dzina lake la m'chikuta silinalembedwepo pa pepala lililonse, ndipo mapepala ake onse akugwirizana bwinobwino m'dzina la ubatizo, aganize kawiri asanasokoneze zinthu zoyenda kale pongofuna kuti pasipoti imveke Chichewa. Ngati mtima ukufunadi, njira ya lamulo ilipo, koma aiyende isanafike nthawi ya ulendo, osati kalata ya ntchito ili kale m'manja.

Amene ali ndi mwayi weniweni ndi ana obadwa masiku ano. Kuyambira mu 2015, pamene lamulo la kalembera wa dziko linayamba kugwira ntchito, mwana aliyense ayenera kulembetsedwa pobadwa, ndipo fomu yake, ya NR8, imadzazidwa kuchipatala komweko. Vuto ndi lakuti fomuyo imabwera mwana asanatuluke m'chikuta, azakhali asanafike ndi dzina, ubatizo usanachitike. Mayi wotopa ndi kubereka amatchula dzina limene lamubwerera, kenaka kumudzi kumabwera lina, kutchalitchi linanso, ndipo nkhani ya Grace John imayambiranso. Mabanja ayenera kumakambirana za dzina mimba isanafike mwezi wake, ngakhale ndikudziwa kuti akuluakulu ena safuna kutchula mwana amene sanamuone. Ndipo tsiku loyamba sukulu, mwana apite ndi kalata ya kubadwa m'manja mwa munthu wamkulu, aphunzitsi akopere kuchokera pamenepo, osati kuchokera pakamwa pa mchemwali wa zaka zisanu ndi zinayi.

Msuweni wanga anapita ndi gulu lachiwiri. Pa kabaji ka pachifuwa kuntchito kwake analemba Grace, ndipo odwala amamuitana choncho. Khadi la ubatizo lija sanalibweze kwa mayi ake. Lili m'kachikwama ka pulasitiki pamodzi ndi kalata yolumbira ndi chidutswa cha nyuzipepala, ndipo chaka chatha, pofunsira maphunziro owonjezera, sukulu ya kumeneko itaona satifiketi ya Grace John inamupempha kuti atumize zonse zitatu.